Alamu Anga Amene Sankamva Kutentha

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, dzina lawo lenileni linangotsalira pa chiphaso. Wina aliyense mumsewu mwathu amawadziwa kuti a Mbaniro, ndipo eni akewo ankalinyadira dzinali ngati mendulo. Analitola kubekale komwe agwira ntchito kuyambira ndevu zisanamere. Anthu ena akafuna kutulutsa thireyi ya buledi mu uvuni amayamba apinda chiguduli kapena kusakasaka mbaniro. Alamu ankangopisa dzanja, n'kuikoka thireyiyo ndi zala, n'kuiponya patebulo uku akuimba mluzu.

Bekaleyo ndi yaing'ono. Kumaso kuli kauntala ya galasi ndi mashelefu, komwe ine ndimagulitsa. Kuseri kuli chipinda chotentha chomwe muli uvuni wa zitseko ziwiri, tebulo lalitali lokandirapo, ndi kachipinda kosungiramo matumba a ufa wa tirigu, shuga ndi isiti, kamene kiyi wake amasunga alamu. Pakati pali zenera loperekera buledi. Makasitomala akaima bwino amaona zonse za kuseri, ndipo alamu zenera limenelo ankaliyesa siteji.

Ntchito ya pakauntala anandipezera ndi iwowo. Nditamaliza sukulu ndinabwera kudzakhala kwa achemwali kwa kanthawi, kanthawiko n'kusanduka zaka. Tinkadya mbale imodzi, kuonera wailesi yakanema pampando umodzi, ndipo alamu akayetsemula pabalaza nyumba yonse inkadziwa. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa aakulu ndi dazi lonyezimira, ndipo amalankhula ndi manja kuposa pakamwa. Sanganene kuti "buledi wapsa" osatambasula mikono ngati akulengeza za ukwati.

Achemwali amati pamene ankakwatirana, alamu anali munthu woopa moto ngati wina aliyense. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi nsonga ya malaya. Luso logwira zotentha linabwera pang'onopang'ono, iwo ali ndi zaka kale pantchito. Linayamba ndi zala ziwiri za kumapeto kwa dzanja lamanja, kenaka n'kufalikira. Eni akewo anali ndi tanthauzo lawo.

"Manja amaphunzira, mlamu," ankandiuza. "Iwe wakhala zaka zingati pakauntala? Manja ako aphunzira kuwerenga tchenje. Anga aphunzira moto. Ine ndi uvuni uja tinagwirizana kale."

Analinso ndi mabanga. Limodzi linali pamsana, lina pamkono pafupi ndi chigongono, ena ang'onoang'ono pantchafu. Anali otuwa mofiirira pang'ono, osayabwa, osapweteka, ndipo tsiku lotentha thupi lonse likachita thukuta pamabangapo pankakhala pouma gwa. Achemwali anagula mafuta a chipere n'kuwapaka mpaka chubu kutha. Anagulanso china. Mabangawo sanasunthe.

"Amayi, siyani kuwononga mafuta," anatero alamu. "Zaka zonsezi ndili mu ufa, mukufuna ndisayere? Ufa unalowa m'khungu umenewu."

Tinaseka, nkhani n'kuthera pompo. Chinthu chosapweteka n'chovuta kuchitengera kuchipatala. Ukafika n'kukanena chiyani?

Kenaka tizinthu tinayamba kuwapulumuka. Kapu inagwa, iwo n'kunena kuti chogwirira chake chinali choterera. Mabatani a malaya anayamba kuwavuta, iwo n'kunena kuti atelala a masiku ano amaboola timabowo ta nsabwe. Tsiku lina anafika kunyumba atavala patapata mmodzi, mnzake atatsala kumsewu, iwo osadziwa. Achemwali atafunsa, anayang'ana phazi lawo modabwa ngati ndi la munthu wina.

"Ameneyo wandithawa yekha," anatero. "Ndinkamuona kale kuti alibe mtima wa banja."

M'mawa wina bekale itadzaza, alamu anaima pazenera lawo lija n'kuyamba kufotokozera makasitomala mmene timu yawo inaluzira mpira dzulo lake. Dzanja lamanzere linkauluka m'malere kusonyeza mmene goloboyi anagwera. Lamanja analitsamiritsa kumbuyo. Ine ndikukulunga buledi ndinamva kafungo kachilendo, kosakhala ka buledi wopserera.

"Alamu, mwaika chiyani mu uvuni?"

"Mabanzi. Usandidule, ndafika pa penate."

"Si fungo la mabanzi limeneli."

Ndinasuzumira pazenera. Chikhatho chawo chinali chitakhazikika pachitseko cha uvuni, pachitsulo penipeni. Ndinalowa mothamanga n'kuwakoka mkono. M'mbali mwa chikhatho monse, kuyambira pa kachala kakang'ono kutsika, khungu linali litayera n'kufufuma. Makasitomala anaunjikana pazenera. Alamu analiyang'ana dzanjalo, n'kulitembenuza, n'kulikweza kuti onse aone.

"Mwaona? Wina akanakhala akugubuduka pansi pano."

Ena anaseka, wina anawomba m'manja. Ine ndinawaviika dzanjalo m'ndowa ya madzi ozizira, ndipo ndili nalo m'madzimo ndinawatsina mwadala pa kachala kaja, mwamphamvu, ndi zikhadabo. Iwo anapitiriza za penate.

Madzulo ndinawauza achemwali. Anawakhazika pansi amuna awo, koma alamu ananena kuti thuza ndi thuza, limaphulika n'kuuma, ndipo kuchipatala kumapita anthu odwala. Achemwali anamanga dzanjalo ndi nsalu yoyera. Abwana, amayi omwe ndi eni bekale, anawaletsa kukhudza ufa mpaka lipole, ndiye kwa masabata angapo ntchito yawo inali yoyang'anira uvuni ndi kulamula anthu.

Chimene chinawafikitsa kuchipatala ndi kiyi.

Tsiku limenelo galimoto ya ufa inafika chakumasana, ndipo kiyi wa kachipinda kaja sanaoneke. Alamu anapisa m'matumba onse a ovolosi. Tinasuntha matebulo, tinasesa pansi pa uvuni, tinakhuthula bini. Alamu ankayendayenda m'chipindamo ndi jombo zawo zazitali akuloza wina aliyense chala. Anati ine ndinamupereka kwa kasitomala pamodzi ndi tchenje. Anati mwina abwana anamutenga n'kuiwala, koma izi ananena monong'ona abwanawo atatuluka. Pamapeto pake tinathyola loko, matumba n'kulowa.

Titafika kunyumba, alamu anakhala pampando wa pakhonde n'kuvula jombo yakumanzere. Kiyi anagwa pasimenti kuti ngwee. Thumba la ovolosi linali lobooka, ndipo kiyiyo anatsetsereka ndi mwendo n'kukagona pansi pa phazi. Anamuponda tsiku lonse. Sokosi inali yonyowa ndi magazi, ndipo pansi pa chala chachikulu panali bala lozama loti nsonga ya chala changa ikanalowa.

Ndinkayembekezera nthabwala, ndipo ndinaona milomo yawo ikuifunafuna. Achemwali anawayambirira.

"Abambo, mawa tikupita kuchipatala. Mukakana ndikupititsani pa wilibala, ndipo ndidutsa nanu pabekale kuti makasitomala anu aone."

Ndinawaperekeza ndine, chifukwa achemwali amasoka mayunifolomu a sukulu ndipo sabata imeneyo ntchito inali itawapanikiza. M'chipinda chotsukira mabala munali anamwino achikulire ndithu, a magalasi olendewera pa chingwe. Anaika phazi la alamu pa kampando, n'kuyamba kulitsuka. Bambo wina amene anatsukidwa patsogolo pathu anali atatuluka akupukuta misozi. Alamu anapinda manja pachifuwa n'kuyamba kuwafotokozera anamwinowo kusiyana kwa buledi wa isiti ndi wa soda.

"Sizikupweteka, bambo?"

"Ine? Pitirizani, amayi. Ine ndi uja amati Mbaniro."

Anamwino anakanikiza thonje mkati mwenimweni mwa bala akuyang'ana nkhope ya alamu. Kenaka anavala magalasi awo, n'kutenga dzanja lija linapsa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Panali zipsera zakale zambirimbiri zomwe ife tinali titazolowera kuziona.

"Munayezetsapo shuga?"

Anawabaya chala, shuga n'kupezeka ali bwinobwino. Atatero anawapempha kuti avule malaya. Ataona banga la pamsana anasiya kufunsa, n'kutilembera kuti tipite chipinda cha kumapeto kwa khonde, kwa adokotala a za khungu.

Adokotalawo anali bambo wamtali wolankhula motsitsa mawu. Anawaimika alamu pafupi ndi zenera pomwe panali kuwala, n'kupota kathonje mpaka kukhala ndi nsonga.

"Ndizikukhudzani ndi aka. Mukamva, lozani ndi chala pamene ndakhudzapo. Tiyambe muli chiyang'anire."

Alamu analoza bwinobwino, monyadira.

"Tsopano tsinzinani."

Anatsinzina diso limodzi.

"Onse awiri, bambo."

Pakhungu labwino ankaloza msanga. Kathonje katafika pakati pa banga la pamkono, alamu anangoima, akumwetulira, kudikira kuti mayeso ayambe. Adokotala anakhudza kachiwiri, kachitatu.

"Mwayamba kodi?" anafunsa alamu.

"Ndayamba kale."

"Ndiye apa," anatero, n'kuloza paphewa pomwe sipanafike kanthu.

Ndinayamba kuseka, n'kusiya. Adokotala anatenga bolopeni n'kumagunda ndi nsonga yake pang'onopang'ono m'zikhatho ndi kumapazi. Phazi lamanzere lonse kunsi kwake kunali zii. Dzanja lamanja, mbali ya kachala kakang'ono kunalibe chilichonse, ndipo zala zitatu zinazo zinkamva mwa apo ndi apo. Anawapanitsa pepala pakati pa zala n'kulikoka, pepalalo n'kusololoka mosavuta. Anawapapasa kuseri kwa chigongono, n'kupeza mtsempha wotupa ngati chingwe cha nsapato, ndipo ataukanikiza alamu anadumpha koyamba tsiku limenelo. Anawauzanso kuti atsinzine mwamphamvu kuti aone ngati zikope zikutsekeka bwino, ndipo zinkatsekeka. Pomaliza anakanda pang'ono kunsonga kwa khutu ndi m'mphepete mwa banga kuti akapime ndi makina oonera tizilombo.

"Bambo, zotsatira za izi zibwera, koma zimene ndaona pano n'zokwanira. Ili ndi khate."

Sindinawaonepo alamu atasowa mawu ngati nthawi imeneyo. Anakhala pansi malaya ali m'manja. Patapita kanthawi anayamba kulankhula akuyang'ana pansi, ndipo ananena nkhani imene ngakhale achemwali sankaidziwa. Ali mwana, kwawo kunali amalume awo ena amene ankagona m'kanyumba kakuseri, ndi mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo. Zala zawo zinali zitatsala zibulumunthira. Alamu ndi amene ankawapititsira chakudya, ndipo pokhala mwana wokonda nkhani ankakhalitsa m'kanyumbamo.

"Ndiye zala zanga ziyamba liti kugwa?" anafunsa.

"Zala sizigwa zokha," anatero adokotala. "Tizilombo ta khate timawononga mitsempha. Choyamba munthu amasiya kumva kutentha, kenaka kukhudza ndi ululu. Ukapsa sudziwa, ukaponda msomali sudziwa, umangopitiriza kugwira ntchito ndi bala. Balalo limalowa mafinya mpaka kufupa, chala n'kumafupika. Amalume anu anadwala wopanda mankhwala. Inu mankhwala alipo, ndi aulere, ndipo khate limachizika."

"Ndi la kumtundu?"

"Ayi. Ndipo si la kulodzedwa kapena tsoka. Limachoka m'mphuno ndi m'kamwa mwa munthu amene sanayambe mankhwala, ndipo pamafunika kukhala naye pafupi nthawi yaitali. Anthu ambiri matupi awo amalikana. Mwa ochepa amene limawagwira, limabisala zaka lisanaonekere. Mukangoyamba mankhwala, pakapita masiku ochepa simungapatsirenso munthu."

Anawauzanso zoona zina zosakoma. Mankhwala amapha tizilombo, koma sadzutsa mtsempha umene unafa kale. Zala zitatu zimene zinayamba dzanzi miyezi yapafupi zinali ndi mwayi, ndipo anawapatsa mapiritsi ena ochotsa kutupa kwa mitsempha. Za kachala kakang'ono ndi phazi lamanzere, zomwe zinachita dzanzi zaka zapitazo, adokotala anati asayembekezere zambiri.

"Mukanabwera nthawi imene banga loyamba linaoneka, bwenzi tikukamba za banga lokha," anatero.

Mapiritsi oyamba anamwera pomwepo adokotala akuona. Anatipatsa kapaketi ka mwezi wonse, n'kunena kuti mwezi uliwonse azibwera kudzamwera pomwepo a tsiku loyamba ndi kutenga kapaketi kena, mpaka chaka chithe, osadumphitsa ngakhale atamva bwino. Anatinso onse a m'nyumba abwere adzaonedwe.

Tinatuluka pageti la chipatala. Alamu anapempha kuti apite kaye kuchimbudzi titafika pokwerera basi, chifukwa mzere wa kufamase unali utatichedwetsa. Anatuluka maso ali tong'o.

"Mlamu, adokotala aja ananena kuti mkodzo usintha mtundu?"

"Ananena. Munali mukuyang'ana zala zanu."

"Ndiye bwino. Chifukwa zofiira zimene ndaona umo, ukhoza kuthira m'botolo n'kugulitsa kwa ana asukulu."

Ndinadziwa kuti munthu uja wabwerera.

Achemwali atamva, anaimitsa makina osokera. Alamu anapita kukhitchini n'kubwera ndi kapu imodzi ndi mbale imodzi, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo zimenezo ndi zawo, aziziika padera. Achemwali anawalanda n'kuzibwezera pa zinzake.

"Zaka zonsezi mwandipumira kumaso mukuliza mkonono, lero mwayamba mankhwala ndiye mukufuna kudzipatula? Khalani pansi mudye."

Sabata yotsatira tinapita tonse, achemwali, ana awo awiri ndi ine, alamu akutiperekeza. Achemwali analibe kanthu, ana analibe kanthu, ndipo onse anapatsidwa mankhwala omwa kamodzi kokha owateteza. Ine ndinalowa komaliza ndikutafuna chingamu, ndikudziona ngati woperekeza. Anamwino anandizungulira ndi maso, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Ili la pansi pa phewali layamba liti?"

Linali kabanga kotuwa kosaposa chivindikiro cha botolo. Ndinali nditakaona pagalasi miyezi ingapo m'mbuyomo n'kuganiza kuti ndi sopo watsopano. Anabweretsa kathonje kaja. Ndinatsinzina maso onse awiri mwaulemu, ndipo ndinaima nthawi yaitali kudikira kuti ayambe.

Manja anga ndi mapazi zinali bwinobwino, mitsempha yosatupa. Adokotala anati langa lapezeka likadali pakhomo, ndipo mankhwala anga akhala a miyezi isanu ndi umodzi basi. Ndinalira pang'ono pabenchi ya panja. Achemwali anandigwira paphewa, n'kuyang'ana amuna awo, n'kuyang'ananso ine.

"Koma inu awiri mundifotokozere bwino. Mkazi wa m'nyumba ndine, wogona chipinda chimodzi ndine. Zatheka bwanji kuti zilumphe ine zikagwere mlamu?"

"Amayi, adokotala anena kuti ndi mpweya," anatero alamu mofulumira.

"Mpweya. Chabwino. Ndizingouyang'anira mpweya umenewo."

Ndinaseka mamina ali m'mphuno. Alamu sanaseke kwenikweni. Tikuyenda anatsalira m'mbuyo kuti afanane nane, n'kunena motsitsa kuti, "Mlamu, pepa. Ndikanapita kale, iwe sizikanakupeza." Ndinawauza kuti andigulire zoziziritsa kukhosi, nkhani ithe.

Kunatsala kubekale. Alamu anafuna kunena kuti ali ndi vuto la mitsempha basi, koma anadziwa okha kuti pakamwa pawo sipasunga kanthu. Anawauza abwana zonse. Abwana ndi mayi wosathamangira zinthu. Anamvetsera, n'kuvula epuloni, n'kupita okha kuchipatala kukafunsa. Atabwerako anatiitana tonse ogwira ntchito kuseri.

"Ndafunsa ngati khate limayenda mu buledi, andiuza kuti ayi. Ndafunsa ngati awiriwa angatipatsire, andiuza kuti poti ayamba mankhwala, ayi. Tonse amene tagwira nawo ntchito nthawi yaitali tikaonedwa, ine ndiyamba. A Mbaniro mukhala kunyumba mpaka phazi lipole, chifukwa bala la kuphazi silipola munthu akuliponda. Mukabwera, ndikadzakuonani mwagwira thireyi opanda magolovesi, ndidzakuchotsani ntchito chifukwa cha uchitsiru, osati chifukwa cha matenda."

Miyezi imene inatsatira, nyumba yathu inasanduka kalasi. Madzulo alionse tikaweruka, alamu ankakhala pakhonde mapazi ali m'beseni la madzi, manja ali m'beseni lina, chifukwa khungu losamva silichita thukuta, limauma n'kung'aluka. Madziwo ankayamba awayesa achemwali ndi chigongono, chifukwa alamu akanatha kudziphika osadziwa. Akamaliza ankapala zikang'a ndi mwala, n'kudzola mafuta, n'kuwongola zala chimodzichimodzi pantchafu. Kenaka ankatenga kagalasi ka achemwali kodzolera n'kuyang'ana kunsi kwa phazi ngati kuli bala latsopano. Anagula nsapato zofewa mkati, ndipo asanavale ankazigwedeza mozondotsa. Mwana wawo wamkazi ankati abambo ake amatenga nthawi yaitali pokonzeka kuposa mkwatibwi.

Amodzi mwa mapiritsi aja amadetsa khungu, ndipo alamu, amene anali oyererako, anada mpaka anthu kumawafunsa ngati anapita kukagwira ntchito kumunda. Adokotala anali atanena kuti zidzabwerera mankhwala akatha. Alamu ankayankha kuti uvuni wawamalizitsa kupsa, poyamba anali osapsa mkati.

Sizinali zoseketsa zonse. Mwezi wina mabanga onse anafufuma n'kufiira, chigongono n'kuyamba kuwawa moti analephera kukweza kapu. Alamu ananena kuti mankhwala awatembenukira, awasiya. Achemwali anakumbuka kuti adokotala anachenjeza za zimenezi, kuti thupi nthawi zina limalimbana ndi tizilombo takufa n'kutupitsa mitsempha, ndipo zikatero munthu athamangire kuchipatala tsiku lomwelo osasiya mankhwala. Anawakweza basi m'mawa womwewo. Anawawonjezera mapiritsi a kutupa aja, ndipo patapita masabata angapo zinaphwa.

Nkhani inafika mumsewu, monga mmene nkhani zimachitira. Makasitomala ena anasowa. Mayi wina wogulitsa zovala pafupi nafe anayamba kutumiza ndalama atakulunga m'pepala, ndipo buledi ankamulandira ndi nsonga za zala. Ine zinkandiwawa, moti tsiku lina ndinakalirira m'kachipinda ka ufa. Alamu anachita zosiyana. Atabwerera kuntchito anaima pazenera lawo, magolovesi ofika m'zigongono, n'kuyamba kulengeza okha asanafunsidwe.

"Inde, ndi khate. Ndikumwa mankhwala, mlamu wanga uyu watsala pang'ono kumaliza ake. Muja munkandiwombera m'manja ndikugwira moto muja, munkawombera matenda. Amene ali ndi banga losayabwa abwere kuno ndimuyese."

Ankasunga kathonje m'thumba la epuloni. Anthu poyamba ankathawa, kenaka anayamba kubwera mmodzimmodzi nthawi imene kulibe anthu, n'kupinda mkono wa malaya mwamanyazi. Alamu ankawatsinzinitsa, n'kuwakhudza, ndipo kaya amve kaya asamve, onse ankawauza chimodzimodzi kuti apite chipinda cha kumapeto kwa khonde, iwo ndi wophika buledi chabe. Dalaivala wa galimoto ya ufa anapita n'kukapezeka kuti ndi chipere wamba, ndipo anabwera kudzadandaula kuti a Mbaniro anamusowetsa tulo pachabe. Makasitomala ambiri anabwerera. Mayi wa zovala uja sanabwerere, amagula kwina mpaka lero.

Ine ndinamaliza mankhwala anga, kabanga kaja n'kuzimirira pang'onopang'ono. Palibe chimene ndinataya.

Tsiku lina chakumapeto kwa chaka chawo, ndili pakauntala, ndinamva kukuwa kuseri.

"Mayo ine!"

Tinathamangira konko ine ndi abwana. Alamu anali atavula golovesi kuti akande mphuno, n'kukhudza mwangozi m'mphepete mwa thireyi ndi chala cholozera. Anali akudumphadumpha chala chili m'kamwa, misozi ili m'maso, akuseka.

"Chawawa, abwana. Chawawa zedi."

"Ndinati chiyani za magolovesi?"

"Ndichotseni mawa. Lero ndisiyeni ndimve."

Anayenda nacho chalacho bekale yonse kuonetsa aliyense kathuza kake, mpaka makasitomala amene sankadziwa nkhani anadabwa kuti bambo wamkulu akunyadira chiyani.

Zala zitatu zija zinabwerera, osati zonse mmene zinalili, koma zokwanira kuwachenjeza. Kachala kakang'ono ndi kotsatana nako zinatsala zosamva, ndipo kakang'onoko kanapindika kosawongokanso. Phazi lamanzere nalo silimva mpaka lero, ndiye beseni, mafuta ndi kagalasi ndi za moyo wawo wonse. Tizilombo tinatha, adokotala anawauza kuti achira, ndipo khungu lawo linayeranso patapita miyezi.

Pano ntchito yawo yaikulu ndi kukanda ndi kuumba, ndipo abwana anawawonjezera ya makeke a maukwati. Zinapezeka kuti munthu amene anaphunzira kuyang'ana dzanja lake nthawi zonse amalemba bwino maluwa a shuga. Keke yawo yoyamba yaikulu inali ya ukwati wanga. Mwamuna wanga ndinamuuza zonse tisanafike patali, ndipo anangofunsa ngati alamu adzamuyesenso ndi thonje. Anamuyesadi, pabalaza, tsiku limene anabwera kudzaonekera, achemwali akuwaletsa ndi maso. Anamva paliponse. Alamu anabweza kathonje m'thumba n'kunena kuti mnyamatayo ali bwino, kungoti amatekeseka msanga, ndipo m'banja lathu zimenezo adzavutika nazo.